Anyamata 22, chingwe chimodzi, ndi mmene chidani chimathera

Tsankho limayamba msanga kuposa mmene ambiri timaganizira. Silidikira kuti pakhale mbiri yakale ya nkhondo, kusiyana khungu kapena kusiyana mpingo. Magulu awiri akangolimbirana chinthu chimodzi chimene wina akachitenga mnzake atsala manja lende, posakhalitsa mumva mawu akuti "anthu aja ndi otero". Munthu mmodzi wa uko akalakwa, mlandu umagwera mtundu wonse, monga mwa mwambi uja wa nsomba imene ikawola imodzi zonse zawola. Koma wakwathu akalakwa chimodzimodzi timati ndi khalidwe lake iye yekha.

Katswiri wina wa za maganizo ndi khalidwe la anthu, Muzafer Sherif, wobadwira ku Turkey koma wogwira ntchito ku America, anafuna kuona ndi maso ake mmene zimenezi zimayambira ndi mmene zingathere. M'chaka cha 1954 iye, mkazi wake Carolyn Wood Sherif ndi anzawo ena anatengera anyamata 22 kumalo achisangalalo a m'nkhalango otchedwa Robbers Cave m'chigawo cha Oklahoma. Anawo anali a zaka pafupifupi 11, ndipo anasankhidwa mosamala kuti akhale ofanana: onse azungu, a mipingo ya Chipulotesitanti, ochokera m'mabanja opeza bwino pang'ono, osapulupudza kusukulu, komanso osadziwana. Iwo ankadziwa kuti apita kokasangalala pa holide. Akuluakulu owayang'anira, amene anali ofufuza aja, ankalemba mwakachetechete zonse zochitika.

Sabata yoyamba anawagawa m'magulu awiri a anthu 11, ndipo gulu lililonse linkakhala kwalokha osadziwa kuti kuli linzake. Ankasambira, kuphika ndi kumanga matenti limodzi, mpaka atsogoleri anayamba kuoneka. Gulu lina linadzitcha Rattlers, dzina la njoka ya kumeneko, ndipo lina linadzitcha Eagles, ziwombankhanga. Kenaka ofufuza anawakumanitsa pa mpikisano wa masiku angapo: masewera a besibo, kukokana chingwe, kumanga tenti mwachangu ndi zina. Opambana akanalandira chikho, mamendulo ndi timipeni ta m'thumba. Ogonja sakanalandira kanthu.

Zinthu zinaipa mofulumira. A Ziwombankhanga atagonja pa masewera ena anatentha mbendera ya a Njoka. A Njoka analowa usiku m'nyumba yogona anzawowo, kugubuduza mabedi ndi kutenga katundu. Mpikisano utatha, a Ziwombankhanga ndi amene anapambana, ndipo a Njoka anapita kukaba timipeni ndi mamendulo aja. Kunali kutukwanizana, zibakera, mpaka ana ena kukana kudyera m'chipinda chimodzi ndi a gulu linalo. Atafunsidwa kuti afotokoze makhalidwe, anyamatawo ankati a gulu lawo ndi olimba mtima ndi ochezeka, pamene enawo ndi achinyengo ndi odzimva.

Pali kachiyeso kamodzi kamene kamandikhudza kuposa ndewuzo. Ofufuza anamwaza nyemba pansi, n'kuuza anyamata kuti atole zambiri mmene angathere m'kanthawi kochepa. Kenaka ankaonetsa pakhoma chithunzi cha nyemba zimene ankati watola mnyamata wakutiwakuti, ndipo aliyense ankalemba kuti akuona ngati zilipo zingati. Zoona zake zinali zakuti nthawi zonse ankaonetsa nyemba 35. Komabe anawo ankachulukitsa nambala akamva kuti wotola ndi wa gulu lawo, poyerekeza ndi akamva kuti ndi wa gulu linalo. Sankanama dala ayi. Tsankho linali litalowa kale m'maso mwawo, ndipo n'chifukwa chake munthu watsankho amalumbira kuti akungonena zimene waona.

Tsono panafika ntchito yovuta, yowayanjanitsa. Poyamba ofufuza anayesa njira imene ambiri a ife tikanayesa: kungowasonkhanitsa pamodzi pa zosangalatsa. Anawaonetsa kanema m'chipinda chimodzi, anawapatsa chakudya m'holo imodzi, anawatulutsa kukaphulitsa makombola. Sizinathandize. Gulu lililonse linkakhala mbali yake, ndipo nthawi ya chakudya inasanduka yogendana ndi zakudyazo. Apa pali phunziro limene okonza misonkhano ya chiyanjano amaliphonya kawirikawiri. Anthu odana akaikidwa pamalo amodzi popanda chochita chowamanga pamodzi, mpata umenewo amaugwiritsa ntchito kutolera umboni watsopano wakuti enawo ndi oipadi.

Chimene chinasintha zinthu ndi mavuto amene ofufuza anawapanga dala, oti gulu limodzi silikanawathetsa palokha. Choyamba anatseka madzi ochokera m'thanki yaikulu ya pamsasapo, n'kunena kuti mwina anthu oononga ndi amene achita. Kunkatentha ndipo ludzu linagwira onse. Anyamata a magulu onse awiri anatsatira mapaipi mpaka kuthanki, napeza mpopi utatsekedwa ndi chisaka, ndipo anasinthanasinthana kuuchokocha mpaka madzi anatuluka. Madzulo ake anagendanabe ndi chakudya. Ntchito imodzi sinakwanire. Kenaka anauzidwa kuti ndalama zobwerekera kanema amene onse ankamufuna zaperewera, ndipo anagwirizana zosonkha mofanana. Pambuyo pake, ali paulendo, lole yokatenga chakudya inakana kulira. Anyamatawo anatenga chingwe chija ankakokanirana pa mpikisano, nachimanga ku loleyo, onse n'kukokera mbali imodzi mpaka injini inalira.

Pofika kumapeto kwa sabata yachitatu ankadyera pamodzi mosakanikirana. Atafunsidwa za anzawo apamtima, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mayina amene a Njoka anatchula anali a gulu linalo, pamene mpikisano utangotha anali osakwana limodzi mwa magawo khumi. Anapempha okha kubwerera kwawo pa basi imodzi, ndipo panjira a Njoka anatenga madola 5 amene anapambana n'kugulira onse zakumwa.

Chaka chomwecho cha 1954, katswiri wa pa yunivesite ya Harvard, Gordon Allport, anatulutsa buku lake la tsankho lotchedwa The Nature of Prejudice. Iye ananena kuti kukumana kwa magulu kumachepetsa chidani pakakhala zinthu zinayi. Anthuwo akumane ngati ofanana, osati wina bwana wina wantchito. Akhale ndi cholinga chimodzi. Achifikire mothandizana, osati mopikisana. Ndipo akuluakulu, kaya ndi lamulo, mfumu kapena mphunzitsi, aonetse poyera kuti akugwirizana nazo. Mfundo yoyambayo ndi imene imafotokoza chifukwa chake munthu amatha kugwira ntchito m'nyumba ya anthu a mtundu wina kwa zaka zambiri, kuwaphikira ndi kuwalerera ana, koma maganizo awo pa mtundu wake osasintha. Amakumana tsiku ndi tsiku, koma kukumanako kumangotsimikizira bwanayo malo amene anamuika kale.

Nkhani ya Robbers Cave siyenera kumezedwa yonse osatafuna. Chaka cha 1953 Sherif anayesa zomwezi ku Middle Grove m'chigawo cha New York, ndipo zinakanika. Anyamata a kumeneko anali atadziwana kale asanagawidwe, ndipo zinthu zawo zitayamba kuonongeka anakayikira akuluakulu aja m'malo modana okhaokha. Wolemba wa ku Australia, Gina Perry, anafukula zikalata za kafukufukuyu ndipo m'buku lake la 2018 anaonetsa kuti ofufuzawo ankakoleza nawo moto wa chidani, komanso kuti anawo sanauzidwe kuti akuyesedwa. Kuchita zotero ndi ana n'kulakwa, ndipo lero sikungaloledwe. Komanso chidani cha sabata imodzi pakati pa ana ofanana m'zonse n'chosiyana kwambiri ndi cha anthu amene anaphedwera abale kapena kulandidwa malo.

N'chifukwa chake kafukufuku wa Salma Mousa, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2020, ali wofunika kumudziwa. Iye anakonza ligi ya mpira wamiyendo kumpoto kwa Iraq, ku Erbil ndi ku Qaraqosh, pakati pa Akhristu amene anathamangitsidwa kwawo ndi gulu la zigawenga la ISIS m'chaka cha 2014. Ambiri mwa iwo ankakhulupirira kuti Asilamu oyandikana nawo anawapereka. Matimu onse anali a Akhristu, ndipo iliyonse inapatsidwa osewera ena atatu: mwa maere, ena analandira Asilamu, ena Akhristu anzawo. Ligi inatha miyezi iwiri. Akhristu amene anasewera limodzi ndi Asilamu anapezeka okonzeka kwambiri kuvotera Msilamu wa timu ina kuti alandire mphoto ya khalidwe labwino, kulembetsanso timu yosakanikirana, ndi kuchita nawo zokonzekera ndi Asilamu patapita miyezi 6. Koma kunja kwa bwalo kusinthako sikunaoneke. Atapatsidwa mwayi wokadya ku lesitilanti ya mumzinda wa Asilamu wa Mosul, kapena kupita kuphwando losakanikirana, sanasiyane kwenikweni ndi amene sanasewere ndi Asilamu.

Apa ndi pamene pali malire enieni. Mtima umafewera munthu amene wagwira naye ntchito, koma suthamangira kufewera mtundu wake wonse. Umapeza pothawira: "Uyu ndi wabwino, sali ngati anzake aja." Mukamva mawu amenewa, dziwani kuti ntchito yafika pakati. Sizikutanthauza kuti njirayi ndi yachabe. Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp anaunika pamodzi kafukufuku woposa 500 m'chaka cha 2006, napeza kuti nthawi zambiri pamene pali kukumana tsankho limachepa, makamaka mfundo za Allport zikatsatidwa. Kuchepako n'kwapang'onopang'ono, ndipo kumafuna kubwereza.

Amalawi tsankho timalidziwa mbali zonse ziwiri. Abale athu anathawa ku South Africa pa zipolowe zodana ndi alendo za m'chaka cha 2008, zimene zinapha anthu oposa 60, ndiponso za 2015. Kwathu kuno nafenso tili ndi zonena zathu za akumpoto, apakati ndi akummwera, ndi za othawa kwawo a ku Dzaleka. Mphunzitsi, mtsogoleri wa mpingo kapena mfumu imene ikufuna kuyanjanitsa anthu isakhutire ndi tsiku limodzi la zolankhula ndi magule, ndipo isakonze mpira woti gulu lino limenyane ndi gulu ilo, chifukwa kumeneko n'kubwereza sabata yachiwiri ya ku Oklahoma. Sakanizani anthu m'timu imodzi, m'komiti imodzi ya mjigo, m'gulu limodzi la banki m'khonde. Maudindo agawidwe mofanana, msungichuma achokere uku wapampando uko, ndipo ntchitoyo ikhale yoti singatheke popanda mbali inayo. Ikatha yoyamba, apatseni yachiwiri.