Mapu opezera malo pamsika wodzaza

Mu 2001, munthu wofuna kutsegula banki yatsopano ku South Africa akanauzidwa kuti wachedwa. Mabanki anayi, Absa, Standard Bank, FNB ndi Nedbank, anali atagwira kale pafupifupi msika wonse. Chaka chomwecho kunabadwa Capitec, yomwe likulu lake lili ku Stellenbosch, ndipo lero ili ndi makasitomala oposa 20 miliyoni. Abale athu amene ali ku Joni amaidziwa bwino. Msika unali wodzaza ndithu, koma akuluakulu anayi aja anali ataunjikana mbali imodzi.

Kuunjikana kotere sikuoneka ndi maso. Kumaoneka papepala, ndipo a zamalonda amajambula chimene tingachitche mapu a maganizo a ogula. Mumalemba mizere iwiri yodutsana ngati mtanda, wina wopingasa, wina woimirira. Mzere uliwonse umaimira chinthu chimodzi chimene ogula amachiganizira posankha. Kenako aliyense wopikisana nanu mumamuikira kadontho pamalo pamene ogula amamuona kuti ali, osati pamene iye mwini amadzitama kuti ali.

Ntchito yaikulu ili pa kusankha mizere iwiriyo, ndipo ambiri amaphonya pomwepa. Amathamangira kulemba mtengo ndi ubwino wa katundu. Koma m'mutu mwa wogula ziwirizi zimayendera limodzi: chodula amachiyesa chabwino, chotchipa amachikayikira. Zotsatira zake, madontho onse amandandalikana mzere umodzi wopendekeka kuchokera ngodya ina kukafika ina, ndipo ngodya ziwiri zotsalazo zimakhala zopanda kanthu. Mukaona mapu anu atuluka chonchi, dziwani kuti mwayeza chinthu chimodzi kawiri. Mpata wa "chabwino koposa pamtengo wotsika koposa" umapezeka pa mapu a msika uliwonse, ndipo uli wopanda munthu chifukwa ndi ochepa amene angagulitse motero osagwa.

Mizere yabwino imachokera m'kamwa mwa ogula. Njira yake ndi yosavuta. Mumamutchulira munthu mayina atatu a opikisana, n'kumufunsa kuti ndi awiri ati amene akufanana, nanga wachitatuyo akusiyana nawo pati. Mukafunsa anthu angapo mumayamba kumva mawu omwewo akubwerezedwa, ndipo nthawi zambiri sakhala amene mwini bizinesi amayembekezera. Pa nkhani ya banki, woyang'anira angaganize za chiwongola dzanja, pamene wogwira ntchito m'sitolo akudandaula kuti akamaweruka amapeza banki yatseka kale, komanso kuti samvetsa ndalama zimene amamudula mwezi ndi mwezi.

Tiyeni tijambule msika wa ku South Africa wa nthawi ija ndi madandaulo awiriwa. Mzere wopingasa ukhale wa ndalama zodulidwa, kumanzere zambiri, kumanja zochepa. Woimirira ukhale wa kuphweka kwa zinthu, pansi zovuta, pamwamba zosavuta. Kwa munthu wa malipiro ochepa, mabanki anayi aja akanagwera pansi chakumanzere: maakaunti amitundumitundu, mafomu, ndalama zodulidwa zovuta kuzitsata. Pamwamba chakumanja panali poyera, ndipo ndi pamene Capitec inakaima. Inabweretsa akaunti imodzi yotchedwa Global One yolandirira malipiro, yosungira ndalama ndi yotengera ngongole, inachepetsa mapepala, ndipo nthambi zake zinkatseka mochedwa, zina n'kumatsegula ngakhale Lamlungu.

Nanga kadontho kamaikidwa bwanji pamalo pake? Mumapempha ogula, kuphatikizapo amene amagula kwa anzanu, kuti apereke malikisi kuyambira 1 mpaka 5 kwa wopikisana aliyense pa mizere yonse iwiri. Tiyerekeze kuti mwafunsa anthu 30, ndipo malikisi a banki ina pa kuphweka akwana 66 mukawaphatikiza. Mukagawa 66 ndi 30 mupeza 2.2, ndiye kadontho kake kakhala pansi pa pakati, popeza pakati ndi 3. Ngati pa mzere wopingasa yapeza 1.8, kadonthoko kapita chakumanzere. Mumachita chimodzimodzi kwa onse, inu nomwe osadziiwala ngati muli kale pamsika. Amene sanamumvepo wopikisana wina asakakamizidwe kupereka malikisi, chifukwa amangolemba 3 n'kukokera madontho onse pakati.

Pali funso lina limene silifunika kudumphidwa: inuyo mungakonde banki yotani, pa mizere yomweyi? Mayankho ake muwaike pa mapu ndi cholembera cha mtundu wina, lililonse palokha, osatenga avereji. Chifukwa chake n'chakuti avereji imanama anthu akagawanika. Anthu 15 akasankha 1, ena 15 n'kusankha 5, avereji imatuluka 3, malo amene palibe ndi mmodzi yemwe anawatchula. Chimene mukufuna ndi pamene madontho a zofuna za anthu achuluka koma a ogulitsa palibe.

Apa m'pamene ndimafuna kuti wowerenga aimepo, chifukwa malo opanda munthu amakopa kwambiri. Pamsika, malo amene ogulitsa onse awasiya nthawi zina ndi amene pamadikha madzi mvula ikagwa. Mpata ungakhalepo chifukwa ogula sawufuna. Kampani ya Tata ku India inatulutsa galimoto ya Nano mu 2009 pamtengo wa pafupifupi marupi 100,000, malo amene panalibe wopikisana naye. Koma kwa banja logula galimoto yoyamba, galimoto ndi ulemu, ndipo ambiri sanafune kuoneka mu imene inkadziwika kuti ndi yotchipa kuposa zonse. Pofika 2018 inali italeka kupangidwa. Mzere wa ulemu ukanaikidwa pa mapu, ngozi ikanaoneka.

Mpata ungakhaleponso chifukwa ogula alipo koma phindu palibe. Mu 2004 mabanki anayi aja pamodzi ndi Postbank anayambitsa akaunti yotchipa ya Mzansi ya anthu amene analibe akaunti. Anthu mamiliyoni anatsegula, koma maakaunti ambiri anangokhala osagwiritsidwa ntchito, ndipo mabanki sanapezepo phindu loti n'kulimbikira. Capitec inatha kukhala pamalo ofananawo chifukwa inachokera ku bizinesi yobwereketsa ndalama zing'onozing'ono: phindu lake lalikulu linkachokera ku ngongole, ndipo nthambi zake zinali zotsika mtengo kuziyendetsa. Izi mapu sanena. Amasonyeza pamene pali poyera basi. Kuwerengera ngati mungakhalepo osaluza ndi ntchito ina, ya cholembera ndi mabuku a ndalama, ndipo kuyesa pang'ono kaye, ndi nthambi imodzi kapena katundu wochepa, kumayankha zimene mafunso sangayankhe.

Madonthowo sakhazikika. Wina akapeza phindu pangodya ina, anzake amasamukira komweko. Mabanki akuluakulu aja anatulutsa maakaunti awo otchipa, ndipo mu 2019 kunabwera TymeBank, yopanda nthambi zakezake, yotsegulira maakaunti pa makina oikidwa m'masitolo a Pick n Pay ndi Boxer, osadula ndalama za pamwezi. Wojambula mapu a msikawu lero apeza kuti pamwamba chakumanja padzaza, ndipo mizere iwiri ija siikusiyanitsanso mabanki monga kale. Ayenera kubwerera kwa ogula ndi mayina atatuatatu aja kuti amve chimene chikuwasowa tsopano.