Galasi Lobweza Zinthu Ziwiri Kukhala Chimodzi

Pa pepala limene amakupatsani mukapimitsa maso pali timabokosi tolembedwa SPH, CYL ndi AXIS, kenako PRISM ndi BASE. Kwa anthu ambiri tiwiri tomalizati timakhala topanda kanthu. Tikadzazidwa, ndiye kuti vuto si kuona mwachimbuuzi ayi, koma maso awiriwo sakuloza malo amodzi.

Diso lililonse limayendetsedwa ndi minofu isanu ndi umodzi. Umodzi ukafooka, diso limapatuka pang'ono, ubongo n'kulandira zithunzi ziwiri zimene sungathe kuzilumikiza. Pirizimu ndi galasi lochindikala mbali imodzi, lopyapyala mbali inayo, ngati mutu wa nkhwangwa. Limakhotetsera kuwala kumbali yochindikalayo, motero chithunzi chimakafika pamene diso lopatukalo likuyang'ana. Disolo siliwongoka, chimene chimasuntha ndi chithunzi.

Tiyerekeze bambo wodwala shuga amene wadzuka akuona minibasi ziwiri zoyandikana pamene ikubwera ndi imodzi, koma nyuzipepala akuwerenga bwinobwino. Nthawi zambiri apa wafooka ndi mtsempha wachisanu ndi chimodzi, umene umakokera diso kunja, choncho diso latsamira kumphuno. Wopima maso amayika mapirizimu patsogolo pa diso, kuwonjezera mphamvu mpaka zithunzi zitakumana. Akalemba 6Δ BO, nambalayo ikutanthauza kuti chinthu chimene chili pa mtunda wa mita imodzi chioneka chitasuntha masentimita 6, ndipo BO akusonyeza kuti mbali yochindikala iloze kukhutu. BI ndi kumphuno, BU kumwamba, BD pansi. Kawirikawiri mphamvuyo amaigawa, 3 diso ili 3 linalo, kuti galasi limodzi lisalemere.

Komatu bambo ameneyu asathamangire kudulitsa magalasi odula. Mtsempha wofooka chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri umachira wokha m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo muyeso umasintha pamene ukuchira. N'chifukwa chake amayamba ndi pirizimu ya Fresnel, kapulasitiki kopyapyala ka timizeremizere komata pa galasi. Kamachititsa kaufunga pang'ono, inde, koma kusintha kwake ndi kumatula basi.

Pirizimu ili ndi malire ake. Siithandiza kwenikweni ngati chithunzi china chapendekeka, kapena ngati kutalikirana kwa zithunzi kumasintha kwambiri mukayang'ana mbali zosiyana. Ndipo mutha kudziyesa nokha: tsekani diso limodzi, kenako linalo. Ngati zinthu zikuonekabe ziwiriziwiri ndi diso limodzi, vuto lili m'diso momwemo, mwina ng'ala, ndipo pirizimu ilibe ntchito pamenepo.

Kuona ziwiriziwiri kukayamba mwadzidzidzi, makamaka limodzi ndi mutu waukulu, chikope chogwa, mwana wa diso wokula mbali imodzi kapena dzanzi, musapite kogula magalasi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musayendetse nokha galimoto kapena njinga.