Manambala 512 amene amasunga nkhope yanu

Mukapatsa kompyuta chithunzi chimodzi cha mlongo wanu n'kuiuza kuti imujambule ngati katuni, kenako ngati chithunzi cha penti, kenako ngati chosema cha mtengo, chovuta si kujambulako ayi. Chovuta n'choti pa zithunzi zitatu zonsezo mayi ake amuzindikire. Mapulogalamu monga Stable Diffusion, yomwe inatuluka mu 2022, amayamba ndi timadontho tachisawawa n'kumatiyeretsa pang'onopang'ono, kambirimbiri, motsatira mawu amene munthu walemba. Koma mawu sangafotokoze nkhope. Mukalemba kuti mayi wamasaya akuluakulu ndi maso aang'ono, azimayi otere alipo zikwizikwi.

Poyamba anthu ankagwiritsa ntchito njira monga DreamBooth ya Google, yophunzitsanso pulogalamu ndi zithunzi zingapo za munthu mmodzi. Munthu wina akabwera, ntchito inkayambanso. Mu 2023 ofufuza a Tencent anatulutsa IP-Adapter, kachigawo kakang'ono kolumikiza ku pulogalamu yaikulu popanda kuisintha. Adaputayi imaphunzitsidwa kamodzi basi, kenako imalandira chithunzi chilichonse.

Mtundu wake woyamba unkawerenga chithunzi kudzera mu CLIP, yomwe imaona zonse pamodzi: malaya, khoma la kumbuyo, kuwala kwa dzuwa. N'chifukwa chake chotuluka chinkafanana ndi chithunzi choyamba koposa kufanana ndi munthuyo. Zinthu zinasintha pamene IP-Adapter-FaceID, ndi InstantID ya mu Januwale 2024, zinatembenukira ku mapulogalamu ozindikira nkhope a mtundu wa ArcFace. Pulogalamu yotere imapeza nkhope, imaiwongola, imaidula kukhala kachithunzi ka timadontho 112 m'litali ndi 112 m'lifupi, ndipo imatulutsa mndandanda wa manambala 512. Inaphunzitsidwa kuti zithunzi za munthu mmodzi zizipereka manambala oyandikana, kaya wajambulidwa usiku, kaya akuseka, kaya wavala chipewa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Manambalawo anaphunzira kunyalanyaza kuwala ndi kajambulidwe, choncho sakakamiza chithunzi chatsopano kukhala foto. Penti ikhoza kukhala penti, nkhope n'kukhalabe ya mwini wake.

Nanga amalowa bwanji? Adaputa imasandutsa manambala aja kukhala tizidutswa tochepa tofanana ndi momwe mawu amaonekera kwa pulogalamu. M'kati mwa pulogalamu muli malo ambiri pamene chithunzi chomwe chikupangidwa chimafunsa mawu kuti pano pakhale chiyani. Pa malo onsewo adaputa imaika khomo lachiwiri, la nkhope yokha, ndipo mayankho a makomo awiriwa amaphatikizidwa. Zili ngati wojambula amene khutu lina akumva kasitomala akunena za zovala ndi mitundu, khutu lina akumva wachibale akumukumbutsa za mphuno ndi chibwano. Izi zimachitika ulendo uliwonse timadontho tikamayeretsedwa, osati kumata nkhope kumapeto. InstantID imawonjezanso chigawo chotchedwa IdentityNet, chomwe chimalandira madontho asanu a nkhope: maso awiri, nsonga ya mphuno ndi mbali ziwiri za pakamwa. Madontho ochepa chonchi amasonyeza pomwe nkhope ikhale popanda kumanga tsinya kapena kumwetulira kwa pa chithunzi choyamba.

Mphamvu ya khomo la nkhope imasinthidwa ndi nambala imodzi:

```
pipe.set_ip_adapter_scale(0.8)
```

Tiyerekeze kuti mwapempha mlongo uja ngati katuni. Mukaika nambalayo pamwamba kwambiri, nkhope imafanana ndithu, koma mitundu imapsa, ndipo mutu umaoneka ngati foto yomatidwa pa thupi la katuni. Mukaitsitsa kwambiri, katuni imakongola koma munthuyo ndi mlendo. Ena amayeza podutsitsa chithunzi chatsopano mu pulogalamu yozindikira nkhope n'kufananiza manambala ake ndi oyamba aja. Ine muyeso umenewu sindiukhulupirira kwenikweni pa katuni, chifukwa woyezayo anaphunzira pa mafoto a anthu enieni, komanso ndi m'bale wa amene anapereka manambala.

Chimene manambala sanyamula bwino, pulogalamu yaikulu imangodzazamo zomwe inazolowera. Tsitsi lambiri limatsala kunja podula kachithunzi kaja, choncho woluka tsitsi amatha kutuluka ndi lowongoka. Kachipsera kapena mpata wa m'mano nawonso umatha kusowa. Kwa ife a khungu lakuda palinso china. Mu 2019 bungwe la NIST la ku America linapeza kuti mapulogalamu ambiri ozindikira nkhope amasokoneza anthu awiri osiyana kawirikawiri pa nkhope za ku Africa kuposa pa za azungu. Ngati manambala sakusiyanitsa bwino anthu awiri, adaputa ilibe poyambira kuwasiyanitsa. Chothandiza n'kulemba m'mawu mtundu wa khungu ndi kalukidwe ka tsitsi, ndiponso kupereka chithunzi chowala bwino cha munthu mmodzi yekha, poti chitsanzo cha InstantID chimangosankha nkhope yaikulu pa onse amene ali m'chithunzicho.