Mzere wofiira sudziwa tanthauzo

Mukamalemba kalata yofunsira ntchito mu Microsoft Word, mzere wofiira umangokuuzani kuti liwulo mulibe m'dikishonale ya pulogalamuyo. Zomwe mukufuna kunena suzidziwa. Mukalemba `manger` m'malo mwa `manager`, kawirikawiri mzere subwera, poti onsewo ndi mawu enieni a Chingerezi. Komatu kalata yanu ikunena za chodyeramo ziweto.

Pena umatsutsa zolondola. Pulogalamuyo ikakhala pa Chingerezi cha ku America, imakana `labour`, kalembedwe ka ku Britain komwe timaphunzira kusukulu, n'kukupatsani `labor`. Musavomere. Pitani pa `Review`, kenako `Language`, musankhe `English (United Kingdom)`. Dzina ngati Chikwawa nalonso lidzafiira, koma lisiyeni momwemo.

Musanatumize kalatayo, iwerengeni mokweza, liwu ndi liwu.