Mneni mmodzi akasintha, udindo pamgwirizano umasinthanso

Anthu ambiri akapatsidwa pepala la mgwirizano kuti asaine, maso awo amathamangira pa manambala: mtengo, tsiku loyambira ndi chiwerengero cha miyezi. Akaona kuti zimenezi zili bwino amatenga cholembera. Komatu mikangano yambiri imene imakafika kubwalo la milandu siyambira pa manambala. Imayambira pa mneni, mawu aja osonyeza chochitika, ndiponso pa malo amene mawu ena aikidwa m'chiganizo. Mneni ndiye amanena ngati chinthu chili chokakamiza kapena chongololedwa, ndipo dongosolo la mawu ndilo limanena kuti udindowo uli pa yani.

Chitsanzo chosavuta ndi cha munthu amene akufuna kuchita lendi sitolo kwa zaka zitatu pa mtengo wa K400,000 pamwezi. Denga la sitoloyo ndi lakale, choncho pokambirana mwininyumba wavomera kuti likadontha ndiye adzakonze. Pepala loyamba lalembedwa motere: "Mwininyumba adzakonza denga pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene walandira kalata yomudziwitsa za kudonthako." Chiganizo chimenechi chili ndi zonse zofunika. Chikutchula wogwira ntchitoyo, ntchito yake, nthawi yake ndi chimene chikuyambitsa kuwerenga masiku.

Pepalalo likamapita uku ndi uku, wina angathe kulilembanso kuti limveke mwaulemu, n'kukhala: "Mwininyumba angathe kukonza denga pasanathe masiku 14." Mawu enawo ali momwemo, masiku ndi omwewo, koma lonjezo lija latha. "Adzakonza" akuika udindo, pamene "angathe kukonza" akungopereka chilolezo. Mwininyumba akapanda kukonza sanaphwanye ndimeyo, chifukwa munthu sazengedwa mlandu kaamba kosagwiritsa ntchito ufulu umene wapatsidwa. Mvula ikaononga katundu m'sitolomo, wochita lendi adzavutika kuloza pamene papepalapo palembedwa kuti mnzakeyo walakwa.

Kusintha kwina n'kobisika kuposa pamenepa, chifukwa khutu silikukana: "Denga lidzakonzedwa pasanathe masiku 14." Kukakamiza kulipo ndithu, koma wokakamizidwayo wasowa. Uwu ndi msintho wa mneni umene kusukulu amautcha wochitidwa, ndipo khalidwe lake ndi lakuti umalola chiganizo kuima popanda kutchula wochita. Mwininyumba angathe kunena kuti wogwiritsa ntchito sitolo ndiye woyenera kukonza, wochita lendi n'kunena kuti denga ndi la mwini wake, ndipo palibe amene pepalalo lingamutsutse. Pachifukwa chimenechi, wowerenga mgwirizano akakumana ndi mneni wothera ndi -dwa, monga "idzalipiridwa", "zidzaperekedwa" kapena "adzadziwitsidwa", ayenera kuima n'kufunsa kuti: ndi yani? Yankho likapanda kupezeka m'chiganizo chomwecho, chiganizocho chilembedwenso, dzina la wochita likhale patsogolo.

Pali kaphatikizo kenanso kamene kamasintha zinthu mwakachetechete. Ndime ina ingathe kunena kuti: "Wochita lendi adzalipira lendi pofika pa 5 mwezi uliwonse, ndipo mwininyumba adzakonza zoonongeka." Pamenepa pali malonjezo awiri, ndipo aliyense wasenza lake. Koma -dza- wa mneni woyamba akalowedwa m'malo ndi -ka-, ndimeyo imakhala: "Wochita lendi akalipira lendi pofika pa 5 mwezi uliwonse, mwininyumba adzakonza zoonongeka." Tsopano kukonza kwadalira kulipira pa nthawi yake. Lendi ikachedwa ndi tsiku limodzi lokha, mwininyumba wapeza ponamizira. Mbali inayi nayo yaluza, popeza chiganizocho sichikulamulanso wochita lendi kulipira pofika pa 5. Chikungonena chimene chidzachitike akatero. Nthawi zina mbali ziwiri zimafunadi kuti udindo wina udalire unzake, ndipo palibe cholakwika. Cholakwika n'chakuti zichitike popanda amene adazisankha.

Vuto la dongosolo la mawu limaonekera kwambiri kumapeto kwa chiganizo chachitali. M'mgwirizano wa sitolo womwe uja mungakhale ndime yakuti wochita lendi "adzalipira mabilu a madzi ndi magetsi ogwiritsidwa ntchito m'sitolomo". Kodi mawu akuti "ogwiritsidwa ntchito m'sitolomo" akukamba za magetsi okha, kapena za madzi omwe? Chichewa nthawi zambiri chimathandiza chifukwa mawu ofotokoza amagwirizana ndi gulu la dzina lake, koma pano madzi ndi magetsi ali m'gulu limodzi, ndiye chizindikiro palibe. Ngati nyumba yonse, pamodzi ndi masitolo ena anayi, ili pa mita imodzi ya madzi, kusiyana kwa matanthauzo awiriwa ndi bilu ya anthu asanu. Kukonza kwake n'kosavuta: ziganizo zikhale ziwiri, china cha madzi, china cha magetsi, ndipo malirewo abwerezedwe m'chilichonse. Pa nkhani wamba kubwereza mawu n'kosasangalatsa, koma pamgwirizano n'kotsika mtengo kuposa loya.

Funso lomweli, lakuti mawu a kumapeto akugwira mbali iti ya chiganizo, lidakanganitsa makampani awiri akuluakulu a ku Canada, Rogers Communications ndi Aliant. Mu 2002 iwo adagwirizana kuti Rogers izimangirira mawaya ake pa mapolo a m'chigawo cha New Brunswick. Ndime yokamba za kutalika kwa mgwirizano inali ndi zigawo zitatu. Choyamba chinkanena kuti mgwirizanowo udzagwira ntchito kwa zaka zisanu. Chachiwiri chinkati pambuyo pake udzapitirira kwa zaka zisanuzisanu motsatizana. Chachitatu, chimene chidabwera patsogolo pa mpatuliro, chinkati zidzatero pokhapokha mbali imodzi itauthetsa popereka chidziwitso cholemba kutatsala chaka chimodzi.

Aliant itafuna kukweza mtengo wa mapolo, idapereka chidziwitso chothetsa mgwirizano zaka zisanu zoyamba zisanathe. Rogers idakana. Iyo inkati zaka zisanu zoyamba zinali zosagwedezeka, ndipo mwayi wothetsa unkakhudza zaka zotsatira zokha. Mu 2006 bungwe loyang'anira za mauthenga m'dzikolo, CRTC, lidagamula mokomera Aliant. Lidati mpatuliro umene unali pakati pa chigawo chachiwiri ndi chachitatu unkachititsa kuti mawu othetsa mgwirizano agwire zigawo zonse ziwiri. Mu 2007 bungwe lomwelo lidasintha maganizo litaona ndime yomweyo m'Chifalansa, mmene mawu adasanjidwa mosasiya chikaiko kuti tanthauzo la Rogers ndilo linali loona. Nkhaniyi idatchuka ngati mlandu wa mpatuliro, koma gwero lake linali kamangidwe ka chiganizo: maganizo atatu adapanikizidwa pamodzi, ndipo lachitatu lidasiyidwa kumchira osadziwika mwini wake. Ziganizo zitatu zazifupi zikadapewetsa zonsezo.

Ena amadzilimbitsa mtima poganiza kuti woweruza adzaona yekha chimene anthu ankatanthauza. Mabwalo amayesadi kuwerenga mgwirizano wonse pamodzi ndi cholinga chake, ndipo mawu akakhala a matanthauzo awiri nthawi zina amawamasulira motsutsana ndi amene adawalemba. Koma mawu akakhala omveka, bwalo silipulumutsa munthu ku mgwirizano woipa. Mu 2015 bwalo lalikulu kwambiri la ku Britain lidaweruza mlandu wa Arnold ndi Britton, wokhudza tinyumba topumuliramo ku Oxwich m'dziko la Wales. Anthu adatenga tinyumbato pa lendi ya zaka 99, ndipo ankalipira mapaundi 90 pachaka osamalira malowo. M'mapepala ena ndalamayo inkakwera ndi 10 peresenti zaka zitatu zilizonse, pamene m'mapepala ena inkakwera ndi 10 peresenti chaka chilichonse. Pakatha zaka 30, njira yoyamba imafika pa mapaundi pafupifupi 233, koma yachiwiri imafika pa mapaundi pafupifupi 1,570. Bwalolo lidaona lokha kuti pofika 2072 ena adzalipira mapaundi oposa 550,000 pachaka, komabe lidagamula kuti mawuwo akhale monga adalembedwera. Chigamulo chotere sichimanga mabwalo a m'Malawi, koma malamulo a mgwirizano m'dziko muno adachokera kwambiri ku England, ndipo maloya amatchula zigamulo za kumeneko poikira kumbuyo mfundo zawo.

Nanga pepala lotere liwerengedwe bwanji? Kuwerenga kofufuza zilembo zolakwika sikokwanira, chifukwa ziganizo zonse zasonyezedwa pamwambapa zilibe cholakwika pa kalembedwe. Njira yodalirika ndi yowerenga ndime imodzi imodzi, kudula mzere kunsi kwa mneni aliyense, n'kulemba m'mphepete yankho la mafunso anayi: akuchita ndani, ayenera kapena akungololedwa, pofika liti, ndipo zikudalira chiyani. Pomaliza mayankhowo aikidwe m'magulu awiri, a mwininyumba ndi a wochita lendi, n'kuyerekezedwa ndi zimene adagwirizana pakamwa. Udindo umene sukulowa m'gulu lililonse ndiwo wosowa mwini, monga denga lija. Kuwerenga kwachiwiri kukhale kwa mawu aang'ono oika malire, monga "pokhapokha", "kupatula", "ngati" ndi "-kha". Kunena kuti "mwininyumba yekha angathe kuthetsa mgwirizano mu Disembala" kukulanda wochita lendi ufulu, pamene kunena kuti "mwininyumba angathe kuthetsa mgwirizano mu Disembala mokha" kukumanga manja a mwininyumbayo.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene pepala labwerako kwa mbali inayo ndi uthenga wakuti angokonza pang'ono. Diso limene lawerenga chiganizo katatu limaona chimene likukumbukira, osati chimene chili papepala. Ngati mapepala onse awiri ali pakompyuta, pulogalamu ya Microsoft Word ili ndi chida cha Compare pansi pa Review, chimene chimasonyeza mawu alionse amene achotsedwa, aonjezedwa kapena asunthidwa. Ngati ali osindikizidwa, munthu mmodzi awerenge lakale mokweza wina akutsatira latsopano ndi chala. Mapepala akalewo, pamodzi ndi makalata ndi mauthenga a zokambirana, asatayidwe. Bwalo lili ndi mphamvu yokonza mgwirizano umene udalembedwa mosiyana ndi zimene mbali zonse zidagwirizana, koma limafuna umboni wamphamvu, ndipo pepala loyamba lija lokhala ndi mawu akuti "adzakonza" lingakhale umboni wokhawo.

Migwirizano yambiri ya m'tauni imakambidwa m'Chichewa koma n'kulembedwa m'Chingerezi, ndipo ina imasainidwa m'zinenero zonse ziwiri. Pamenepo mafunso anayi aja afunsidwe pa pepala lililonse palokha, mayankho ake afanane, ndipo pakhale ndime yonena chinenero chimene chidzatsatidwe ziwirizo zikasemphana. Cholakwika chikapezeka pa tsiku losaina, chingathe kukonzedwa ndi cholembera, malinga mbali zonse zisaine pambali pa mawu osinthidwawo, pa makope onse, aliyense asanatenge yake.