Phokoso la m'masipika lili ndi nambala yake

Aliyense amene anakhalapo pa chinkhoswe, pa maliro kapena pa msonkhano wa chitukuko m'midzi ya kwa Chitukula akulidziwa phokosoli. Mnyamata wa zokuzira mawu akangoyatsa zida zake, munthu asanalankhule n'komwe, m'masipika mumayamba kung'ung'udza ngati njuchi zatsekeredwa mumtsuko. Ena amati vuto ndi jenereta, ena amaloza maikolofoni, ndipo mwini zida amatha kuwononga ndalama kugula chingwe chatsopano pamene chakale chinalibe mlandu. Chikhalirecho phokosoli lili ndi nambala yake, ndipo woidziwa nambalayo amadziwa poyambira kufufuza.

Mawu alionse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Chinthu chikamanjenjemera mofulumira, khutu limamva mawu aang'ono ngati a mluzu. Chikamanjenjemera pang'onopang'ono, limamva besi. Akatswiri amawerenga kuti chanjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyezo wake ndi hetsi, umene pa makina umalembedwa `Hz`. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pafupifupi mahetsi 20 kufika 20,000.

Koma mawu amene timamva sakhala a hetsi imodzi. Amakhala osakanikirana, monga mmene mphale, gaga ndi misere zimakhalira pamodzi m'lichero asanapete. Katswiri wa masamu wa ku France, Joseph Fourier, anafotokoza m'buku lake la 1822 kuti funde lovuta likhoza kugawidwa kukhala mafunde osavuta ambiri, lililonse ndi liwiro ndi mphamvu yake. Mu 1965, James Cooley ndi John Tukey anasindikiza njira yachidule yochitira masamuwa pa kompyuta, ndipo ndi imene imachititsa kuti lero ngakhale foni ya m'thumba izitha kupeta mawu nthawi yomweyo. Chithunzi chotuluka pa kupetako chimatchedwa sipekitiramu. Kuchokera kumanzere kupita kumanja pamakhala mahetsi, kuyambira besi kufika mawu aang'ono, ndipo kutalika kwa mzere kumasonyeza mphamvu ya mawu pa hetsi iliyonse. Pamene pali mawu amphamvu pamaoneka kaphiri kosongoka.

Tiyerekeze kuti mwini zida wa ku Nsaru wajambula kung'ung'udza kuja kwa masekondi khumi, palibe wolankhula, n'kuika mawuwo m'pulogalamu yaulere ya Audacity pa kompyuta. Akasankha `Analyze` kenako `Plot Spectrum`, akuona timapiri titandandalika ngati mano a chipeso: pa 144, pa 192, pa 240 ndi pa 288. Wosadziwa angaganize kuti mavuto alipo anayi. Koma taonani mpata wa pakati pa timapirito: paliponse ndi 48. Ndiye kuti gwero lake ndi limodzi, chinthu chonjenjemera ka 48 pa sekondi, ndipo timapirito ndi ana ake, amene amagwa pa nambala yomweyo ikachulukitsidwa katatu, kanayi, kasanu ndi kasanu n'kamodzi.

N'chifukwa chiyani kholo lenilenilo, la pa 48, silikuoneka bwino? Maikolofoni ya foni ndi yaing'ono ndipo siimva bwino besi yotsika kwambiri. Apa ndi pamene ambiri amasokera, poganiza kuti kaphiri kotalika koposa ndiko gwero. Mpata wa pakati pa timapiri ndi wodalirika kuposa kutalika kwake.

Tsono 48 ikutanthauzanji? Magetsi a Escom amayenda pa mahetsi 50, ndipo jenereta yaing'ono ya petulo ya mtundu wofala imayenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi kuti ipereke mahetsi 50 omwewo. Mukachulukitsa 48 ndi masekondi 60 mupeza 2,880. Chithunzicho chanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: phokosoli ndi la magetsi amene akulowerera m'njira ya mawu, ndipo jenereta ikuzungulira mochepera, mwina chifukwa yasenzetsedwa katundu wambiri.

Chatsala n'kupeza polowera, ndipo timapiri tomweto timalozako. Ngati totalika ndi ta pa kholo, pa katatu ndi pa kasanu, monga 50, 150 ndi 250 pa magetsi a Escom, kawirikawiri phokoso limakhala likulowera kunja: chingwe cha maikolofoni chimene waya wake wotchinga unaduka, chingwe cha mawu chogonekedwa pamodzi ndi cha magetsi, kapena laputopu yolumikizidwa ku mikisa ili pa chaja. Koma ngati chatalika ndi cha pa kawiri, monga 100, pamodzi ndi 200, kaikirani mkati mwa ampulifaya. Chigawo chimene chimatembenuza magetsi kuti aziyenda mbali imodzi chimasiya timafunde tiwiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo makapasita akuluakulu ndiwo amatisalaza. Akakalamba, timafundeto timafika ku sipika. Kutsimikiza n'kosavuta: zulani zingwe zonse zolowetsa mawu, tsitsani voliyumu, jambulaninso. Timapiri tikazimiririka, vuto lili kunja. Tikatsalira, ampulifaya ipite kwa wokonza. Musaitsegule nokha, pakuti makapasita amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Chithunzichi chili ndi malire ake, ndipo aakulu ali pa kabokosi kolembedwa `Size`. Kompyuta imayeza mawu ka 44,100 pa sekondi, n'kumawapeta m'magawo. Gawo likakhala la miyezo 4,096, chithunzi chimasiyanitsa mawu otalikirana ndi mahetsi pafupifupi 11 basi, choncho 48 ndi 50 zimagwera m'khola limodzi. Mukakweza kufika 32,768, chimasiyanitsa mpaka hetsi imodzi ndi pang'ono, ndipo nkhani ya jenereta ija imaonekera poyera. Mtengo wake ndi nthawi: gawo lalikululo limatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a sekondi, ndipo zonse zochitika m'kati mwa nthawiyo zimasakanizidwa. Kwa phokoso losasintha ngati la magetsi palibe chotayika. Kwa mawu a munthu, amene amakwera ndi kutsika m'kamphindi, chithunzi chimangokhala chitunda chopanda maonekedwe.

Pa mawu osinthasintha pamafunika chithunzi china, sipekitirogiramu, chimene chimaika nthawi chopingasa, mahetsi choimirira, ndipo mphamvu imaoneka mwa kuwala kwa mtundu. Pamenepo kung'ung'udza kwa magetsi ndi mizere yowongoka yosagwedezeka, pamene mawu a munthu ndi mizere yokhotakhota. Mchewa akanena "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika, mizereyo imakhota mosiyana, ngakhale kalembedwe n'kamodzi. Ng'oma nayo ili ndi khalidwe lake. Pa chikopa chozungulira chokokedwa mofanana, kaphiri kachiwiri sikagwa pa kawiri ayi, koma pafupifupi pa 1.6 kuchulukitsa koyamba, n'chifukwa chake kulira kwa ng'oma sikumveka ngati kwa nsambo ya gitala. Oimba akawamba mbalule pamoto, chikopa chimakungika ndipo timapiri tonse timasunthira kumanja.

Kulira kosongoka kuja kumene kumachititsa anthu kutseka makutu wolankhula akayandikira sipika n'kosavuta kukuzindikira. Kumaoneka ngati singano imodzi yaitali, tinene pa 2,500, imene imakula msangamsanga. Sikukhudzana ndi magetsi. Ndi mawu a sipika amene akubwerera m'maikolofoni. Mwini zida atsitse kabatani ka ikwalaiza koyandikana ndi nambalayo, osati onse, kenako asunthe sipika kuti ikhale kutsogolo kwa wolankhula, itafulatira maikolofoni.