Galimoto, nyumba ndi fizi za ku ntchito: momwe MRA imawerengera msonkho wake

Bwana wa pa kampani akamayendera galimoto ya ku ntchito, kugona m'nyumba yolipiridwa ndi kampani, ana ake n'kumaphunzira pa fizi za kampani, anthu amati akudya zaulere. Bungwe lotolera msonkho la MRA siliona choncho. Kwa ilo zonsezi ndi malipiro, kungoti sanadzere m'thumba, ndipo chilichonse chimapatsidwa mtengo wake kuti chidulidwe msonkho wa 30 peresenti. Wopereka msonkhowu ndi wolemba ntchito, osati wantchito, ndipo amapereka miyezi itatu iliyonse. Boma lokha ndilo silipereka pa antchito ake.

Tiyerekeze kuti mayi wina ndi manijala, ndipo amalandira K2,000,000 pamwezi. Kampani yamugulira galimoto ya K40,000,000 yomwe amayendera ngakhale pa zake. Lamulo limatenga 15 peresenti ya mtengo womwe galimotoyo inagulidwira, kotero pachaka mayiyu amatengedwa ngati wapindula K6,000,000. Apa pali podabwitsa: galimoto ikakalamba, penti n'kusuluka, chiwerengerocho sichitsika, chifukwa chimatsata mtengo wogulira, osati womwe ingagulitsidwire lero.

Nyumba ili ndi miyeso iwiri. Amayang'ana 10 peresenti ya malipiro ngati nyumbayo ilibe mipando ndi katundu wa kampani, kapena 12 peresenti ngati zilimo, n'kufanizira ndi lendi. Chomwe chakula ndicho amatenga. Ngati kampani ikulipira lendi ya K600,000 pamwezi pa nyumba yopanda katundu, 10 peresenti ya malipiro a mayiyu ndi K200,000 chabe, choncho lendiyo ndiyo iwerengedwe. Pachaka ndi K7,200,000.

Pa fizi lamulo linafewako. Kampani ikalipira yokha kusukulu, theka lokha ndilo limawerengedwa: fizi ya K3,000,000 pachaka imasanduka K1,500,000. Zitatuzi zikaphatikizidwa zikukwana K14,700,000, ndipo msonkho womwe kampani ipereke pachaka ndi K4,410,000.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa njira yomwe ndalama yadzera. Kampani ikapatsa mayiyu K3,000,000 yomweyo pamanja kuti akalipire yekha kusukulu, nkhani ya theka yathera pomwepo. Ndalamayo yasanduka alawansi, imaphatikizidwa yonse ku malipiro ake n'kudulidwa PAYE, ndipo wolipira tsopano ndi mayiyo. N'chimodzimodzi ndi alawansi ya nyumba. Ndiye wofunsira ntchito akauzidwa kuti "fizi ndi nyumba tikupatsani", ayenera kufunsa ngati kampani izilipira yokha kwa mwini nyumba ndi kusukulu, kapena izingowonjezera pa malipiro. Nawo a MRA akabwera kudzafufuza mabuku a kampani, malisiti a sukulu ndi mgwirizano wa lendi ndizo zimaonetsa yemwe analipira.